Kukazinga, kuwiritsa, nthunzi ndi kuwotcha: mmene mungatsatire zimene zalowa ndi zimene zatuluka m'chakudya

Moto paokha suwonjezera makalori m'chakudya, ndipo suwachotsa. Chimene chimasintha chakudya pophika ndi zinthu zimene zimalowamo ndi zimene zimatulukamo. Mafuta akhoza kulowa kapena kudontha, madzi akhoza kulowa kapena kuuluka, ndipo mavitamini ena amasungunukira m'madzi kapena kufa ndi kutentha. Mukazolowera kufunsa kuti "chalowa n'chiyani, chatuluka n'chiyani?" mudzatha kuweruza nokha kaphikidwe kalikonse popanda kuloweza manambala ambirimbiri.

Manambala oyenera kukhala nawo m'mutu ndi ochepa. Kalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga imapereka makalori 4, galamu ya mapuloteni imaperekanso 4, koma galamu ya mafuta imapereka 9. Kawerengedwe kameneka kanachokera ku ntchito ya Wilbur Atwater, wasayansi wa ku America wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi kamene kamagwiritsidwabe ntchito polemba za makalori pa mapaketi a zakudya. Madzi alibe kalori ngakhale imodzi. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira, ya mamililita 15, ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo yaing'ono, ya mamililita 5, ili ndi pafupifupi 40. Zilibe kanthu kuti mafutawo ndi a mpendadzuwa, a soya kapena a maolivi. Amasiyana pa zina, koma pa makalori ndi ofanana.

Titsata mbatatesi zokwana magalamu 400 m'njira zonse zinayi, ndipo pamene mbatatesi sizingationetse bwino nkhaniyo titenga nkhuku ndi masamba.

Choyamba: yezani chakudya chisanapse

Ikani mbatatesi zosaphika pa sikelo. Magalamu 100 alionse ali ndi makalori pafupifupi 77, choncho magalamu 400 ali ndi pafupifupi 310. Lembani nambala imeneyi chifukwa ndi poyambira panu. Mulimonse mmene mungaphikire, makalori 310 amenewa akhalamobe, ndipo ntchito yanu ndi kungowonjezerapo zimene zalowa.

Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa chifukwa amayerekezera magalamu 100 a chakudya chosaphika ndi magalamu 100 a chakudya chophika. Chidali cha nkhuku chopanda khungu chili ndi makalori pafupifupi 120 pa magalamu 100 chikakhala chachiwisi, koma chikawotchedwa chimafika pa 165. Munthu akaona zimenezi amaganiza kuti kuwotcha kwawonjezera makalori. Ayi, nyamayo yangotaya madzi. Chidutswa cha magalamu 200 chimafota n'kutsala pafupifupi 150, ndipo makalori ake 240 aja amakhala atapanikizana m'chidutswa chochepa. Mpunga umachita zosiyana ndi zimenezi. Wosaphika uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, wophika uli ndi 130, chifukwa wamwa madzi n'kufufuma. Palibe chimene chachokamo. N'chifukwa chake kuyeza chakudya chisanapse kumapereka chithunzi choona.

Chachiwiri: kuwiritsa

Tsukani mbatatesi zija koma musazisende. Ziikeni m'poto zathunthu, thirani madzi ozizira ongokwanira kuzimiza, vindikirani, ndipo madzi akawira chepetsani moto. Zapakatikati zimapsa pakati pa mphindi 20 ndi 30. Mudzadziwa kuti zapsa mpeni ukalowa mpaka pakati popanda kukakamira. Mukaziyezanso mupeza kuti kulemera kwake sikunasinthe kwenikweni, ndipo makalori akadali pafupifupi 310.

Pa makalori, kuwiritsa kulibe nkhani. Nkhani yake ili pa zimene zimatsalira m'madzi. Vitamini C ndi mavitamini a gulu la B, monga thayamini ndi foleti, amasungunuka m'madzi, ndipo kutentha kumawawononganso. Potaziyamu, mchere umene umathandiza mtima ndi minofu, safa ndi moto koma amatuluka m'chakudya n'kulowa m'madzi mosavuta. Ndiye zinthu zitatu ndi zimene zimakulitsa chitayiko: kuchuluka kwa madzi, kutalika kwa nthawi, ndi kuchepa kwa zidutswa. Mbatatesi yosenda, yoduladula tizidutswa ting'onoting'ono, ili ndi malo ambiri otulukira michere. Yathunthu ya khungu lake imatsekera zambiri m'kati.

Masamba obiriwira ndi amene amavutika kwambiri. Mukawawiritsa m'madzi ambiri kwa nthawi yaitali n'kutaya madziwo, theka la vitamini C, nthawi zina kuposerapo, limapita. Chitani chonchi. Wiritsani kaye madzi pang'ono, ongokwanira kunyowetsa masambawo, ndipo muwaike madzi atayamba kale kubwadamuka. Masamba akayambira m'madzi ozizira amakhala nthawi yaitali m'madzi ofunda, ndipo m'nthawi imeneyo vitamini C amawonongeka msanga. Dulani masamba mutawatsuka kale, osati kudula kenako n'kuwanyika m'madzi. Ayang'anitsitseni ali pa moto. Poyamba amabiriwira kwambiri kuposa mmene analili aawisi, ndipo pamenepo ndi pabwino kuwaphula akangofewa. Akayamba kuthimbirira n'kuoneka ngati ofiirira, apyola. Musathiremo soda pofuna kuti afewe msanga kapena kuti asunge mtundu, chifukwa soda amapha vitamini C ndi thayamini.

Madzi otsala m'poto musataye. Ngati asanduka obiriwira kapena achikasu, mbali ina ya chakudya chanu ili mmenemo. Apangeni msuzi kapena phikirani chinthu china. Pa supu ndi nyama yophikira m'msuzi vuto la kusungunuka limachepa lokha, popeza madziwo amadyedwa.

Pali nthawi zina zimene kutaya madzi ndiye cholinga. Anthu amene impso zawo zikulephera kuchotsa potaziyamu m'magazi amalangizidwa ndi achipatala kusenda mbatatesi, kuziduladula, kuziwiritsa m'madzi ambiri ndi kutaya madziwo. Zimene zili chitayiko kwa wina zimateteza wina. Nyemba zouma, makamaka zofiira zikuluzikulu, nazonso zimafuna kuwiritsa kwenikweni. Zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amafa nyembazo zikabwadamuka mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto kuti zipse pang'onopang'ono.

Nyama yamafuta ikawiritsidwa imatulutsa mafuta ake, amene amayandama pamwamba. Mukawayengula ndi supuni mwachotsa makalori 9 pa galamu iliyonse. Mukawasiya m'msuzi n'kumwa msuziwo, palibe chachoka.

Chachitatu: kuphika ndi nthunzi

Apa chakudya sichikhudza madzi, ndiye njira yotulukira michere imakhala yotsekeka. Sipafunika chiwiya chapadera. Thirani madzi m'poto kufika masentimita awiri kapena atatu, khazikani sefa yachitsulo pamwamba pake mosakhudza madzi, ndipo mupeze chivindikiro chotseka bwino. Dikirani madzi awire nthunzi iyambe kutuluka, kenako ikani chakudya. Musachiunjike, chifukwa nthunzi imafuna mipata yodutsamo, ndipo mukadzaza sefa zapansi zimapsa zapamwamba zikadali zaziwisi.

Mbatatesi zathu, zodula pakati kapena panayi, zipsa pakati pa mphindi 15 ndi 20. Makalori ndi 310 omwe aja, koma potaziyamu ndi vitamini C zatsalamo zambiri kuposa mu zosenda zowiritsa. Kaloti woduladula amafuna mphindi 6 mpaka 8, kabichi 5 kapena 6, masamba ofewa 3 mpaka 5, ndipo mnofu wa nsomba 8 mpaka 10 malinga ndi kukhuthala kwake.

Kutentha kumaphabe vitamini C pang'ono ngakhale pa nthunzi, choncho nthawi ikadali yofunika. Kuvundukula pafupipafupi kumatulutsa nthunzi n'kutalikitsa kuphika. Madzi akaphwera poto amapserera, ndipo mudzamva phokoso la kuwira litasiya. Khalani ndi madzi otentha pafupi owonjezera.

Kwa masamba, ine ndimaona kuti iyi ndiye njira yabwino koposa, koma ili ndi chosowa chimodzi chimene anthu ofuna kuchepetsa thupi amachinyalanyaza. Mavitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta, ndipo thupi limawayamwa bwino akadyedwa pamodzi ndi mafuta. Kaloti ndi masamba obiriwira kwambiri zili ndi karotini, amene thupi limamusandutsa vitamini A. Kuphika kumafewetsa timakoma ta m'kati mwa masamba n'kumasula karotiniyo, koma popanda mafuta m'chakudyacho, wambiri amangodutsa. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya mafuta pa masamba atapsa. Mwawonjezera makalori 40 okha, ndipo mwapindula zambiri kuposa zimene mwalipira.

Chachinayi: kukazinga

Pano m'pofunika kukhazikika, chifukwa ndi pamene makalori amasinthira kwambiri. Yambani ndi kuyeza mafuta. Ikani chiwaya ndi mafuta ake pa sikelo musanayatse moto, lembani, ndipo mudzayezenso mutamaliza, mafuta atazizira. Kusiyana kwake ndi mafuta amene achoka m'chiwaya, ndipo ambiri a iwo ali m'chakudya chanu.

Dulani mbatatesi zija za magalamu 400 kukhala tchipisi. Zinyikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 30, kenako ziumitseni bwinobwino ndi nsalu yoyera. Tenthetsani mafuta kufika madigiri 175 mpaka 180. Ngati mulibe kachipangizo koyezera kutentha, ponyanimo kachidutswa ka buledi: kakafiira pafupifupi m'mphindi imodzi, mafuta akonzeka. Kakangomira phee popanda thovu, mafuta sanatenthe. Kakada nthawi yomweyo kapena mafuta akayamba kufuka utsi, apyola, ndipo muchepetse moto.

Thovu limene mumaona mukaponya tchipisi m'mafuta ndi madzi a m'mbatatesi akutuluka ngati nthunzi. Pamene nthunziyo ikutuluka mwamphamvu imakankha mafuta kuti asalowe, ndipo kunja kwa tchipisi kumauma n'kupanga khoko lokhala ndi timabowo. Mukavuula tchipisi, nthunzi ya m'timabowomo imazizira n'kufota, ndipo mafuta amene amatirira kunja amakokedwera m'kati. Ndiye kuti mbali yaikulu ya mafuta imalowa chakudya chitachoka kale pa moto. N'chifukwa chake mphindi yoyamba mutavuula ndi yofunika kwambiri. Gwedezani tchipisi m'sefa nthawi yomweyo zikadali zotentha, kenako ziyaleni pa pepala loyamwa mafuta, osaziunjika.

Tsopano werengani. Tiyerekeze kuti tchipisi zanu zalemera magalamu 220 ndipo sikelo ikuonetsa kuti mafuta achepa ndi magalamu 30. Magalamu 30 kuchulukitsa ndi 9 ndi makalori 270. Kuphatikiza ndi 310 aja ndi 580. Mbatatesi zomwe zija zatsala pang'ono kuwirikiza kawiri makalori ake, pamene kulemera kwake kwatsika pafupifupi ndi theka. Apa pali misampha iwiri pamodzi, chifukwa mafuta alowa ndipo madzi atuluka, choncho chakudya chimachepa m'mbale n'kusakhutitsa msanga, munthu n'kuwonjezera china. Tchipisi zogula zophikaphika zimakhala ndi makalori oposa pang'ono 300 pa magalamu 100, ndipo zija zopyapyala zouma za m'mapaketi zimapitirira 500, chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mafuta.

Zimenezi zikusonyeza pamene mungachepetsere. Dulani zidutswa zonenepa, pakuti mafuta amakhala kunja m'khoko, ndipo zidutswa zopyapyala zili ndi khoko lambiri poyerekeza ndi mkati. Kazingani zochepa nthawi imodzi, m'magulu. Mukadzaza chiwaya mafuta amazizira, thovu limafooka, chakudya chimakhalitsa m'mafuta, ndipo chimatuluka cholobodoka ndi chonyezimira, chosiya dontho lalikulu pa pepala. Kukuta nyama kapena nsomba ndi ufa kapena nyenyeswa za buledi kumawonjezera sitachi komanso kumamwa mafuta ngati thonje.

Kukazinga ndi mafuta ochepa m'chiwaya kuli ndi kawerengedwe kosavuta: mafuta onse amene mwathira, ngati sanatsale m'chiwaya, mwawadya. Thirani ndi supuni, osati kupendeketsa botolo, chifukwa dzanja limathira supuni zitatu munthu akuganiza kuti wathira imodzi. Dzira lalikulu lowiritsa lili ndi makalori pafupifupi 78, ndipo lokazinga ndi mafuta pang'ono limafika cha m'ma 90. Biringanya ndi bowa zimamwa mafuta onse amene mungazipatse n'kuoneka ngati zikufuna ena. Chiwaya chikauma, thiranimo supuni ziwiri za madzi n'kuvindikira pang'ono m'malo mowonjezera mafuta.

Pa mavitamini, kukazinga sikoipa monga mmene ambiri amaganizira. Palibe madzi osungunulira michere, ndipo nthawi ndi yochepa. Masamba okazinga mofulumira pa moto waukulu, mukutakasa kwa mphindi zitatu kapena zinayi, amasunga vitamini C wambiri kuposa owiritsa nthawi yaitali, ndipo mafutawo amathandiza kuyamwa karotini. Tomato wophika ndi mafuta pang'ono amaperekanso mosavuta laikopini, chinthu chimene chimamufiiritsa.

Chenjezo lili pa kufiira kwa chakudya. Kufiira kokoma kuja kumabwera mapuloteni ndi shuga zikaphatikana pa kutentha kwakukulu, zimene Louis-Camille Maillard wa ku France anazifotokoza mu 1912. Madzi owira ndi nthunzi sizipitirira madigiri 100 m'poto wamba, n'chifukwa chake sizifiiritsa chakudya. Koma mu 2002 asayansi a ku Sweden anapeza kuti zakudya za sitachi zikatenthedwa kupitirira madigiri 120 zimapanga mankhwala otchedwa akirilamaidi, amene akatswiri a za khansa amawaika m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa mwa anthu. Amachuluka chakudya chikamadera. Kunyika tchipisi m'madzi kuja kumachotsa shuga wina wa kunja kwa mbatatesi, ndipo kuvuula tchipisi zikadali zachikasu ngati golide, zisanafike pofiira moderako, kumachepetsa mankhwalawa. Mafuta amene akazingiridwa kambirimbiri nawonso amawonongeka. Akada, akayamba kunanda, kuchita thovu losatha kapena kununkha moipa, atayeni.

Chachisanu: kuwotcha

Mbatatesi zathu zikawotchedwa pa waya, zitadulidwa pakati n'kupakidwa supuni yaing'ono imodzi ya mafuta, zimakhala ndi makalori 350, kutanthauza 310 kuphatikiza 40. Zimapepuka chifukwa madzi ena auluka, koma potaziyamu yense amatsalamo popeza analibe kolowera. Kuti zisapserere kunja zisanapse m'kati, zipatseni kaye nthunzi kwa mphindi 10.

Pa nyama, iyi ndi njira imene ingachotsedi makalori, chifukwa mafuta amasungunuka n'kudontha. Koma amachoka ngati analipo. Ntchafu ya nkhuku ya khungu lake, kapena nyama yonona, imataya mafuta ooneka ndi maso. Chidali chopanda khungu chija chilibe mafuta ambiri oti chitaye, choncho makalori ake 240 amatsala pafupifupi onse. Mapuloteni satha ndi moto, ayironi ndi zinki nazonso zimatsala. Chimene chimatayika ndi mbali ya mavitamini a gulu la B, ena ndi kutentha, ena m'madzi a nyama amene amadontha. Nyama youma gwa chifukwa chopsa kwambiri yataya ambiri.

Yalani moto m'zigawo ziwiri, makala ambiri mbali imodzi, ochepa mbali inayo. Dikirani malawi azime ndipo makala akutidwe ndi phulusa loyera. Chepetsani mafuta olendewera pa nyama musanaiike pa waya. Inyikeni kwa mphindi zosachepera 30 m'madzi a mandimu kapena viniga osakaniza ndi adyo ndi zokometsera zina. Yambirani kumbali yotentha kuti ifiire, kenako isunthireni kumbali ya moto wochepa kuti ipse mpaka m'kati, ndipo muziitembenuza pafupipafupi.

Zonsezi zili ndi chifukwa. Mnofu ukapsa pa moto waukulu kwambiri kwa nthawi yaitali umapanga mankhwala amene amatha kuwononga maselo a thupi, ndipo mafuta akadonthera pa makala amabutsa malawi ndi utsi umene umamatiza mankhwala enanso otere pa nyama. Akatswiri amawakayikira onsewa pa nkhani ya khansa. Kunyika nyama, kuitembenuza kawirikawiri ndi kuitalikitsa ku malawi kumawachepetsa. Malawi akabuka sunthani nyama, ndipo pamene pada bii dulani n'kutaya. Ngati mukufuna kupaka zotsekemera monga uchi, pakani kumapeto, chifukwa shuga amapserera msanga, ndipo kumbukirani kuti supuni iliyonse ikubweza makalori amene munachotsa.

Kuopa kupsereza kusakuchititseni kuphula nyama yosapsa. Nkhuku iyenera kufika madigiri 74 pakati pa mnofu wokhuthala, nyama yogaya madigiri 71, nsomba madigiri 63. Kachipangizo koyezera kabayidwe pakati, kosakhudza fupa. Ngati mulibe, chekani pamalo pokhuthala kwambiri pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera, mnofu usakhale wofiira kapena wonyezimira ngati wauwisi, ndipo nsomba izimanyuka mosavuta mukaikhudza ndi foloko. Mukaphula nyama, isiyeni pa mbale kwa mphindi zisanu musanaidule kuti madzi ake akhazikike m'kati, ndipo amene atuluke pa mbalepo muwathire pa nyama pogawa.